Tithandizeni kuwunika pempho lathu la ndalama za sikelo yoyendera amayi oyembekezera

Mzamba wa Kumishoni: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Ndabwera ndi vuto. Pali bungwe lina lakunja lomwe latiuza kuti tilembe pempho la ndalama zosapitirira madola 15,000 za chaka chimodzi, zoti tiziyendera amayi oyembekezera kumidzi yakutali. Ine ntchito yanga ndi yauzamba, zolembalemba zoterezi ndikuzigwira koyamba, ndipo akufuna pepalali lifike Lachisanu la sabata yamawa.

Chipatala chathu ndi chaching'ono, cha mishoni, pansi pa CHAM. Dera lathu lili ndi anthu 18,000, ndipo mwa amenewa 7,000 amakhala kutsidya la mtsinje, komwe tikufuna kutsegula malo atatu a sikelo, tizipita kamodzi pa mwezi malo alionse. Cholinga ndalemba kuti: kuchepetsa imfa za amayi ndi theka m'dera lathu pomatha chaka. Bajeti m'madola ili motere:

maphunziro a masiku 3 kuboma, 4,200
mwambo wotsegulira, matisheti ndi zitenje, 2,300
njinga yamoto, 2,800
mafuta, 900
ma alawansi, 2,400
mankhwala ndi zipangizo, 1,900
mapepala ndi zolembera, 500

Zonse zikukwana 15,000. Ndiuzeni mosabisa, musandimvere chisoni.

Wa ku Joni: Ntchito yabwino a sisita, Mulungu akudalitseni. Ikani nambala ya Mpamba kapena Airtel Money, ife a kuno tisonkhe kangachepe.

Mzamba wa Kumishoni: Zikomo achimwene, koma sitikusonkha ayi. Ndalama zili kale kwa a bungwe, chomwe ndikufuna ndi maso oti andiwerengere pepala ndisanatumize.

Agogo a Malipoti: A sisita, mwati tisakumvereni chisoni, ndiye ndiyambira pa cholinga, chifukwa ndikadakhala ine wowerenga kubungweko ndikadaimira pomwepo. Ndakhala ndikuwerenga mapempho ngati awa kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo chiganizo cha "kuchepetsa imfa ndi theka" ndachiona kambirimbiri. Si choipa, ndi chimene tonse timafuna. Vuto ndi loti simungathe kuchitsimikiza.

Tiyeni tiwerenge limodzi. Muli ndi anthu 18,000. M'zipatala timakonda kuwerengera kuti oyembekezera pa chaka ndi 5 pa anthu 100 alionse, ndiye kwa inu ndi amayi pafupifupi 900. Kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 439 ankamwalira. Mukatengera chiwerengero chimenecho pa amayi anu 900, mupeza amayi anayi pa chaka. Anayi okha. Chaka china angakhale awiri, china asanu, popanda inu kusintha kalikonse. Ndiye tiyerekeze chaka chatha adamwalira awiri, chaka cha pulojekiti n'kumwalira atatu chifukwa mlatho udakokoloka mu Febuluwale: mudzalemba kuti mwalephera? Nanga akamwalira mmodzi, mudzati ndi inu mwachititsa? Ziwerengero zazing'ono chonchi zimavina zokha.

Komanso mayi amene mwamutumiza kuchipatala cha boma n'kukamwalirira konko salowa m'kaundula wanu. Mungathe kuoneka ngati mulibe imfa pomwe mukungozisamutsa.

Imfazo muzitchule poyambirira, pofotokoza chifukwa chimene ntchitoyi ikufunikira, ndipo mutenge chiwerengero chatsopano cha kafukufuku wa 2024. Koma lonjezo lanu likhale pa chinthu chimene manja anu akugwira ndipo kaundula wanu akulemba kale. Ndikufunseni: chaka chatha ndi amayi angati adayamba sikelo kwanu, ndipo ndi angati adayamba mimba isanapitirire miyezi itatu?

Mzamba wa Kumishoni: Ndatsegula kaundula pompano. Oyamba sikelo adali 760. Oyamba m'miyezi itatu yoyambirira adali 114. Ochirira pachipatala pathu 510.

Agogo a Malipoti: Basi, pempho lanu lagona pamenepo. 114 pa 760 ndi 15 pa 100. Dziko lonse m'kafukufuku wa 2015 mpaka 2016 uja lidali pa 24 pa 100, ndiye inu muli pansi pa anzanu, ndipo musachite nazo manyazi, chimenecho ndiye chifukwa chopemphera ndalama. Mayi akayamba sikelo mimba ili ndi miyezi isanu ndi umodzi, maulendo 8 amene bungwe la zaumoyo padziko lonse lidalimbikitsa mu 2016 sangawakwanitse, Fansida wa malungo uja wamuyamba mochedwa, chindoko ndi HIV mwazipeza mwana atakhala nazo pangozi kale, mankhwala owonjezera magazi wamwa miyezi yochepa. Zonsezi zimalumikizika ku tsiku limene wayamba. Mukalemba choncho, wowerenga aona kuti mukudziwa chimene mukufuna kukonza.

Wa Akaunti: Ine ndilowe pa ndalama. Choyamba a sisita, a mabungwe amadula nthawi zonse. Mukafuna 15,000 mulembe zinthu za 20,000, akadula mugwera pomwe mumafuna. Chachiwiri, mgwirizano ukhale wa madola, osati makwacha. Mu Novembala 2023 kwacha idagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi, ndipo ndidaona ndi maso anga pulojekiti ina yomwe idasaina m'makwacha ikulephera kugula theka la katundu yemwe idalonjeza.

Agogo a Malipoti: Mfundo yachiwiriyo ndikuvomera ndi manja awiri, ndipo muwonjeze kuti mu bajeti mulembe mtengo wosinthira ndi tsiku lake. Yoyambayo ayi achimwene. Anthuwa anena okha kuti malire ndi 15,000. Pempho lopitirira malire ena saliwerenga n'komwe, limachotsedwa ndi kalaliki asanalione akuluakulu. Ndipo mitengo yokweza dala imaoneka, chifukwa amafunsa makotesheni.

Wa Akaunti: Chabwino, pa malirepo ndagonja. Koma ndikuumirirabe kuti pakhale kandalama ka zogwa mwadzidzidzi. Bajeti ya a sisita yathera pa 15,000 ndendende, palibe ngakhale ya banki yodula pa akaunti.

Mlangizi wa Kutsidya: Pepani ndilankhuleko ine wa kumudzi, chifukwa ndimakhala ndi amayiwo tsiku ndi tsiku, ngakhale dera langa si la a sisitawa. Mukuganiza kuti akuchedwa chifukwa cha mtunda okha. Mtunda ulipodi, koma si wokhawo. Mayi wa mimba ya miyezi iwiri safuna kuti anthu adziwe. Amati mimba yosaoneka sayilengeza, anthu oipa angaimange. Ndiye inu mukabwera ndi galimoto, chimkuzamawu, n'kuima pansi pa mtengo wa mango pakati pa mudzi n'kunena kuti lero ndi sikelo ya oyembekezera, adzabwera okhawo amene mimba zatuluka kale. Wa miyezi iwiri uja adzakuonerani pa zenera.

Kwathu chimene chidathandiza ndi kusakaniza. Tsiku lomwelo sikelo ya ana, tsiku lomwelo kulera, tsiku lomwelo oyembekezera, chipinda chimodzi chotseka. Mayi amabwera ndi mwana kumbuyo ngati wabwera kudzakweza mwana sikelo, akalowa m'chipinda ndi pamene amanong'oneza anamwino kuti miyezi iwiri sindinaone kumwezi. Panja palibe akudziwa chomwe walowera.

China ndi nkhani ya amuna. M'midzi ina mudakhazikika lamulo loti ulendo woyamba ubwere ndi bambo, ukapanda kutero ukatenge kalata kwa amfumu. Nanga mtsikana woti mwamuna wakana mimba, kapena bambo ali ku Joni, apita kwa amfumu kukanena za mimba ya miyezi iwiri? Amangodikira mpaka itaoneka.

Wa ku Joni: Apa mwatilasa ife tomwe, kkkk. Koma ndi zoona, mlamu wanga adayamba sikelo ya miyezi isanu chifukwa chodikira kalata yomweyo.

Mzamba wa Kumishoni: Achimwene a Kutsidya mwandikumbutsa chinthu chimene chimandiwawa. Ifeyo tomwe timawabweza amayiwa. Mimba ya masabata 8 sungaigwire ndi manja pamimba, pamafunika kachipangizo koyezera mkodzo. Chaka chatha tidakhala miyezi inayi tilibe. Mayi wina adayenda kuchokera kutsidya, adafika cha m'ma 10 koloko nsalu itanyowa mpaka m'chiuno chifukwa chowoloka, ine n'kumuuza kuti mayi pitani mukabwerenso mwezi wamawa tidzaone. Adabweranso mimba ili ndi miyezi isanu ndi iwiri, mapazi atatupa. Mu bajeti yanga ndaika zitenje koma tizipangizo timeneti sindinatitchule n'komwe.

Agogo a Malipoti: Nkhani imeneyo muilembe m'pempho, mizere itatu, popanda dzina la mayiyo kapena mudzi wake. Ikunena zambiri kuposa tsamba lonse la mawu okuluwika.

Tsopano bajeti. Muigwire chonchi: mzere uliwonse muufunse kuti, kodi iwe ukuthandiza bwanji kuti mayi ayambe sikelo msanga, kapena kuti amene tamupeza ndi vuto afike kuchipatala? Maphunziro a kuboma ndi mwambo wotsegulira pamodzi ndi 6,500. Ndiye kuti ndalama zoposa 40 pa 100 zatha musanayeze mayi ngakhale mmodzi. Wowerenga amaona chimenecho msanga kuposa china chilichonse.

Ndiyeno mafuta 900 mwawapeza bwanji?

Mzamba wa Kumishoni: Kunena zoona ndidangoyerekeza. Malo atatuwo ali pa makilomita 14, 19 ndi 26 kuchokera pachipatala. Galimoto tili nayo imodzi, ambulansi yakale, adalaivala akuti m'misewu yathu imayenda makilomita 7 pa lita.

Wa Akaunti: Ndiye tiwerenge. Kupita ndi kubwera ndi 28, 38 ndi 52, pamodzi makilomita 118 pa mwezi. Pa chaka 1,416. Kugawa ndi 7 ndi malita 200 ndi kangachepe. Mulembe malita, kenako mtengo wa lita wa tsiku lotumiza pempho, kuti mtengo ukakwera mudzathe kuwaonetsa kuti malita ndi omwewo, chasintha ndi pampu. Apatu 900 ija ndi yokwana, mwina n'kutsalako.

Agogo a Malipoti: Yokwana kupita kukawapeza, inde. Nanga mukawapeza? Apa ndi pamene mapempho ambiri a sikelo yoyendera amagwera. Kutsidyako anthu 7,000 ndi amayi pafupifupi 350 pa chaka. Akatswiri amawerengera kuti mwa oyembekezera 100, pafupifupi 15 amakumana ndi vuto lofuna thandizo lapadera. Kwa inu ndi amayi oposa 50. Si onse mudzawatumize kuboma, ena mudzathana nawo pachipatala panu, koma bajeti iyenera kukonzekera. Chipatala cha boma chili patali bwanji?

Mzamba wa Kumishoni: Makilomita 45.

Agogo a Malipoti: Kupita ndi kubwera 90, malita 13 ulendo umodzi. Maulendo 50 ndi malita 650. Mukuona? Mafuta otumizira odwala ndi ochuluka katatu kuposa oyendera sikelo, ndipo mu bajeti yanu mulibe. Kupita kumudzi, kumuyeza mayi bipi, kupeza kuti yakwera koopsa, mkodzo uli ndi vuto, kenako n'kumuuza kuti apeze yekha kabaza wopita kuboma, kumeneko si kuthandiza. Mwangomupatsa mantha.

Bambo a Mapasa: Ine zowerengazi sindizitsata kwenikweni koma ndinene zanga. Akazi anga matenda adayamba usiku, mvula ikugwa, mimba ya mapasa. Tidaimba pachipatala chapafupi akuti ambulansi ilipo koma mafuta mulibe. Ndidagulitsa thumba la chimanga usiku womwewo kwa munthu wa golosale kuti ndipeze galimoto ya matola. Ana ali moyo, mayi awo ali moyo, koma magazi adataya ambiri. Ndiye ine ndikuti zonsezi zisiyeni, ndalama yonseyo mugule ambulansi yatsopano basi. Sikelo anthu amapita okha.

Wa Akaunti: Bambo, madola 15,000 sangagule ambulansi yatsopano, ngakhale theka lake. Ndipo mwanena nokha kuti galimoto idalipo, chidasowa ndi mafuta.

Bambo a Mapasa: Ndiye mafutawo mukawaika, atsimikiza ndani kuti sapita kukatenga matumba a simenti a abwana? Ife timaziona izi.

Wa Komiti ya Chipatala: Funso limenelo ndi labwino ndipo a bungwe adzafunsanso lomwelo. Kwathu tidachita chonchi: mafuta a odwala sagwiridwa ngati ndalama. Amalipiriratu kumalo omwetsera mafuta, galimoto ili ndi buku lake, ulendo uliwonse dalaivala amalemba makilomita ponyamuka ndi pofika, mzamba amene watumiza wodwala amasaina, ndipo kumapeto kwa mwezi ife a komiti timafananitsa bukulo ndi kaundula wa otumizidwa. Mwezi woyamba tidapeza maulendo awiri opanda wodwala. Titafunsa pamsonkhano, sizidachitikenso. Zimenezi muzilembe m'pempho a sisita, ndi ndime imodzi yokha.

Chovuta n'choti nthawi ya kusowa kwa mafuta, ngakhale udalipiriratu, pampu ikauma yauma. Ife timasunga majerikani awiri otsekera m'sitolo, kiyi kwa a incharaji.

Mlangizi wa Kutsidya: Funso lina a sisita. Ambulansi ndi imodzi. Tsiku limene yapita kusikelo ya makilomita 26, mayi wina akayamba kutaya magazi pachipatala, atani? Ndipo azamba mulipo angati?

Mzamba wa Kumishoni: Tilipo atatu. Mmodzi amakhala watuluka usiku, ndiye masana tilipo awiri. Mmodzi akapita kumudzi, wotsalayo agwire sikelo, chipinda chochirira ndi amayi ochira kale yekha. Njinga yamoto ndidaiika chifukwa cha nkhawa ya ambulansi yomweyo, kuti mzamba azipita pa njinga galimoto izitsala.

Agogo a Malipoti: Nkhawayo ndi yoona, koma pa njinga simunyamula bedi lopinda, bokosi la katemera, maneti, sikelo ndi anthu asanu. Njira yotsika mtengo ndi yoti galimoto ikakutulani m'mawa, ibwerere kukadikira pachipatala, idzakutengeni masana. Mafuta a sikelo awirikiza, kuchoka pa malita 200 kufika 400, komabe ndi kutali ndi mtengo wa njinga. Ndipo muike ndalama ya mzamba wa ganyu wogwirizira masiku 36 amenewo. Opereka thandizo ambiri sakonda kulipira malipiro a mwezi, koma ganyu ya masiku owerengeka, yolumikizidwa ndi ulendo, amaimva.

Wa Akaunti: Ma alawansi musalembe chiwerengero chimodzi chachikulu. Maulendo 36, anthu 5 ulendo uliwonse, ndi masiku 180. Muchulukitse ndi ndalama ya nkhomaliro imene khonsolo yanu ndi mabungwe amagwiritsa ntchito, osati yopeka. Mukapereka yoposa, mudzadana ndi zipatala zoyandikana nazo, ndipo pulojekiti ikadzatha palibe adzavomere kupita ndi yochepa.

Wa Komiti ya Chipatala: Mwakambirana kale ndi a ofesi ya zaumoyo ya paboma? Chifukwa mankhwala mwaika 1,900, pomwe Fansida, ayironi, maneti, katemera wa kafumbata ndi zoyezera HIV zimabwera kudzera kuboma.

Mzamba wa Kumishoni: Ndidangowauza pafoni a kodineta a uchembere wabwino. Kalata sindinatenge.

Agogo a Malipoti: Pitani Lolemba mukatenge kalata, muiphatike ku pempho. Ikuthandizani pawiri. Koyamba, a bungwe amafuna kuona kuti simukuyambitsa zanuzanu kumbali. Kachiwiri, zonse zimene boma likupereka, pamodzi ndi galimoto, dalaivala ndi malipiro anu, muzilembe m'danga lapadera ngati chopereka cha eni ake. Pamenepo ndi pamene muyankhire funso limene amafunsa nthawi zonse, loti ndalama zathu zikadzatha zidzatani. Musayankhe kuti anthu a m'mudzi adzapitiriza okha, aliyense amalemba choncho ndipo palibe amakhulupirira. Nenani zoona: zipangizo zidzatsala, maluso adzatsala, chofunika chaka chachiwiri ndi mafuta ndi nkhomaliro, ndalama yake ndi yakuti, ndipo tapempha kuti ilowe mu dongosolo la chaka la boma lathu.

Chinanso mufunse kuofesiko: mgwirizano wanu ndi boma wolipirira amayi oyembekezera ukufika kumidzi ya kutsidyako? Chipatala cha mishoni chimalipiritsa. Ngati mayi mwamuyeza ulere pansi pa mtengo koma pochira akalipira, mudzachulukitsa a sikelo, ochirira pachipatala osachuluka.

Mzamba wa Kumishoni: Mgwirizano ulipo ndipo ukukhudza dera lonse, amayi salipira. Kuchedwa kwa ndalama zake ndi nkhani ina, tisaiyambe lero.

Ndalembanso cholinga, tamverani: kukweza chiwerengero cha amayi oyamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira kuchoka pa 15 kufika pa 30 pa 100 pomatha miyezi 12.

Agogo a Malipoti: Tsopano tikulankhula. Koma pali kamsampha kamodzi. 15 pa 100 ija mwaipeza pogawa 114 ndi amayi 760 amene adabwera. Oyembekezera alipo 900, ndiye 140 simudawaone n'komwe. Mukayamba kupita kumidzi, oyamba kutuluka adzakhala amenewo, a mimba zazikulu amene sakadabwera. Zimenezo ndi zabwino, koma zidzakulitsa chiwerengero chapansi, ndipo miyezi yoyamba peresenti yanu ingathe kuima kapena kutsika pomwe ntchito ikuyenda bwino. Mukadzatumiza lipoti la miyezi itatu, wina wokhala mu ofesi kunja adzaganiza kuti mukugona.

Ndiye lonjezani anthu enieni: kuchoka pa amayi 114 kufika pa 230. Peresenti muiike pambali, ndipo mulembe kuti mukugawa ndi chiyani. Muwachenjezeretu m'pempho momwemo kuti miyezi yoyamba idzaoneka choncho.

Ziwerengero zina zisachuluke. Ine ndikadaika zinayi zokha pamodzi ndi imeneyo: maulendo amene achitikadi, amayi olandira Fansida katatu kapena kuposa, ndi amayi otumizidwa amene afikadi kuchipatala cha boma. Zonse zichokere m'kaundula ndi malipoti a mwezi omwe mumatumiza kale kuti alowe m'kaundula wa boma wa pakompyuta uja wa DHIS2. Mukapanga mafomu atsopano a pulojekiti, azamba awiri otopa aja sadzawalemba, ndipo ziwerengero zanu zidzasiyana ndi za boma.

Mlangizi wa Kutsidya: Maulendo musalonjeze 36. Januwale ndi Febuluwale mtsinje ukadzaza galimoto siwoloka. Lembani 30, mukachita 33 mudzaoneka akatswiri.

Ndipo samalani ndi kuwerenga mayi mmodzi kawiri. Amayamba kumudzi, mwezi wotsatira wabwera pachipatala, kabuku kake waiwala kapena kanyowa, mlembi n'kumulemba ngati watsopano. Ife tidayamba kulemba nambala ya kaundula ndi chilembo cha malo pachikuto cha kabuku, ndi cholembera chosafufutika.

Bambo a Mapasa: Nanga azamba akumudzi bwanji osawaphunzitsa n'kuwapatsa zipangizo? Usiku ndi iwo amene ali pafupi.

Mzamba wa Kumishoni: Bambo, boma lidawaletsa kuchiritsa mu 2007, ndipo pempho loti tiwapatse zipangizo zochiritsira a ofesi ya zaumoyo sangalisainire. Koma amayi amawauza zinsinsi zimene sauza ife. Ndikuganiza zowaitana kumisonkhano ya mafumu, ntchito yawo ikhale yoperekeza mayi kusikelo ndi kuchidikiro.

Mlangizi wa Kutsidya: Adzafunsa kuti ife tipindula chiyani, chifukwa kale ankalandira nkhuku kapena ndalama. Mukapanda kuyankha funso limenelo adzavomera pamsonkhano basi.

Wa Akaunti: Mukawalipira pa mayi aliyense woperekezedwa, odita adzafuna umboni wa mayi aliyense, ndipo pulojekiti ikadzatha adzasiya tsiku lomwelo. Ine sindikulangiza.

Mlangizi wa Kutsidya: Ndiye osawaitana n'komwe, kusiyana n'kuwanamiza.

Mzamba wa Kumishoni: Imeneyo ndikaifunse kwa amfumu ndi a komiti, sindingaithe pano. Ndakhala pansi usiku ndi adalaivala ndi a kalaliki, bajeti yatsopano ndi iyi. Mafuta malita 1,050, a sikelo 400 ndi a odwala 650, ndaika 2,400. Kukonzetsa galimoto ndi matayala 1,200. Nkhomaliro ya masiku 180 ndi 1,080. Mzamba wa ganyu 900. Maphunziro tichitira pachipatala pompano, masiku awiri, azamba ndi alangizi, 1,500. Zipangizo 3,200: zoyezera mimba 600, timapepala toyezera mkodzo, makina a bipi atatu ndi mabatire ake, koyezera kuchuluka kwa magazi, bedi lopinda ndi makatani. Misonkhano inayi ya mafumu ndi komiti, momwe tikakambirane za kalata ya kwa amfumu ija, 1,000. Mayunitsi a foni a alangizi ndi mapepala 600. Zogwa mwadzidzidzi 750. Zoyendetsera ndi za banki 1,000. Zonse 13,630. Zatsala 1,370. Mwambo wotsegulira ndauchotsa, ngakhale abusa sakondwa.

Wa Komiti ya Chipatala: Yotsalayo ikonze chidikiro. Mukawauza amayi a kutsidya kuti mwezi womaliza adzadikirire pachipatala mtsinje usanadzaze, adzagona pati? Kwathu denga likudontha, amayi amathawa pakatha masiku atatu.

Agogo a Malipoti: Muone kaye malamulo a bungwelo, ambiri a ndalama zochepa chonchi amakana zomangamanga, ngakhale malata. Ine ndikadaika pa kuyendera amayi akachira. Masiku awiri oyambirira ndi oopsa kwa mayi ndi khanda, ndipo pempho lanu latha pa kuchira ngati nkhani imathera pomwepo.

Bambo a Mapasa: Ine ndikuti yonse ipite ku mafuta. Malita 650 mwawerengera pa pepala, msewu wa dzinja sudziwa pepala.

Wa Akaunti: Simukakamizidwa kufika pa 15,000 a sisita. Pempho la 13,630 lomveka bwino limaposa la 15,000 lokhala ndi mzere wongodzazira.

Mzamba wa Kumishoni: Ndawerenganso kalata ya a bungwe, akuti salipira nyumba zatsopano koma za kukonza sanatchule. Ndawalembera kuwafunsa, akayankha Lolemba lisanathe ndiika malata ndi matiresi a chidikiro, akapanda kuyankha ndigawa pakati pa mafuta ndi njinga zakapalasa za alangizi zoyendera amayi ochira. Agogo, ndikutumizirani pepala lonse kumbali Lachiwiri ndikachoka kuboma, tsamba la ziwerengero lokhalo mundionerenso.

Agogo a Malipoti: Tumizani, koma mubwere ndi ziwerengero za malo atatuwo paokha. 114 ija ndi ya dera lonse, ine ndikufuna kudziwa kuti a kutsidya mmenemo ndi angati.

Mzamba wa Kumishoni: Ndawerenga kale mudzi ndi mudzi. Ndi 19.